Musanagule nsomba zokongoletsa m'nyumba, chionetsetseni chithunzi chake

Inu a ku Dedza amene mumaitanitsa nsomba ku Lilongwe mutangoona chithunzi pa foni, chikulitseni kaye.

Yambani ndi zipsepse ndi mchira. M'mphepete mwake mukakhala monyenyeka, motuwa kapena mofiira, ndiye kuti zayamba kuola, kawirikawiri chifukwa cha madzi akuda. Yolumidwa ndi inzake imangong'ambika, mtundu osasintha.

Timadontho toyera ngati mchere wowazidwa ndi tizilombo tapakhungu, ndipo timafalikira nsomba zonse zokhala m'madzi amodzi. Koma samalani, nthovu za mpweya zomata pagalasi la chosungiramo nsomba zimanamiza. Pemphani chithunzi china nsombayo itasuntha. Madontho akasuntha nayo limodzi, ndi matenda. Kuno kumazizira mu Juni ndi Julaye, ndipo nsomba yofooka ndi kuzizira matendawa amaigwira msanga.

Pa mimba ndiye pofunika chithunzi chojambulira pamwamba. Ya mazira kapena yokhuta imatupa mamba ali chigonere. Mamba akaimirira mbali zonse ngati chibalobalo cha paini, m'thupimo mwadzaza madzi, ndipo yotere sichira kawirikawiri. Chonde isiyeni, pamodzi ndi zinzake za m'madzi omwewo.