Kuchepetsa, kusuntha ndi kuzimiririka kwa zizindikiro za pa sikirini mu Minecraft

Mphwanga wina anabwera ndi laputopu yake akudandaula kuti Creeper wamuphulitsa kawiri osamuona n'komwe. Nditakhala pambali pake ndinapeza kuti anali pa seva ya anthu olongolola, ndipo mauthenga awo anaphimba mbali yaikulu ya kumanzere kwa sikirini. Zilombo zinkatulukira kuseri kwa mauthengawo. Malangizo awa ndi a inu amene mumasewera Minecraft Java Edition pa kompyuta ya sikirini yaing'ono, ndipo titsatira mmene tinakonzera laputopuyo.

Zimene osewera amazitcha HUD ndi zonse zokhala pamwamba pa chithunzi cha masewerawa: timitima khumi ta moyo, tintchafu khumi ta njala, mzere wa timabokosi 9 ta zida, kamtanda kapakati ndi mauthenga. Zonsezi zimakula kapena kuchepa limodzi ndi chinthu chimodzi, GUI Scale, chomwe mumachipeza mukalowa mu Options kenako Video Settings. Yambirani pamenepa musanagwire china chilichonse.

GUI Scale imalandira manambala athunthu okha, 1, 2, 3 n'kumapita, kulibe 2 ndi theka. Nambalayo ndi yochulukitsira. Mzere wa timabokosi anaujambula mapikiseli 182 m'litali ndi 22 m'mwamba, ndiye pa 3 umakhala 546 ndi 66, pa 2 umakhala 364 ndi 44. Masewerawa amabwera ali pa Auto, ndipo Auto amasankha nambala yaikulu kwambiri imene sikirini yanu ingakwanitse. Lamulo lake n'lakuti mukagawa sikiriniyo ndi nambalayo, patsale malo osachepera 320 chopingasa ndi 240 choimirira.

Laputopu ya mphwangayo ndi ya 1366 ndi 768. Mukagawa 768 ndi 3 mupeza 256, ndiye 3 ikutheka. Mukagawa ndi 4 mupeza 192, yomwe yaperewera, choncho 4 simungaione pa makinawa ngakhale mutadina kangati. Apa Auto anasankha 3, ndipo m'lifupi munatsala malo 455 okha. Bokosi la mauthenga likakhala pa mulingo wake wonse limatenga malo 320. Werengani nokha: pa magawo khumi a m'lifupi mwa sikirini, asanu ndi awiri anali a mauthenga. Titatsitsa n'kufika pa 2, malo anakhala 683, bokosi lomwe lija silinafikenso ngakhale theka.

Koma ndisakunamizeni, pa 2 zilembo zimachepa ndithu. Mphwangayo anayamba kusendeza nkhope ku sikirini kuti awerenge nambala ya mivi imene yamutsalira, ndipo mukaona mwayamba kutero dziwani kuti mwatsitsa mopitirira. Ine ndinamulangiza abwerere pa 3, timitima tizioneka bwino, n'kulimbana ndi bokosi la mauthenga lokhalo, poti ndi limene linali ndi mlandu.

Bokosili lili ndi malo akeake, Chat Settings. Width imayambira 40 kufika 320, ife tinaika 180. Unfocused Height ndi msinkhu wa bokosilo pamene simukulemba, ndipo ndi umene umakutchingani pa nkhondo, choncho utsitseni kuti mizere itatu kapena inayi yokha izioneka. Focused Height isiyeni, imagwira ntchito pokhapo mwatsegula bokosilo kuti mulembe kapena kuwerenga zam'mbuyo.

Pa kuzimiririka m'pamene ambiri amalakwitsa. Pali zinthu ziwiri: Chat Text Opacity ndi ya zilembo, Text Background Opacity ndi ya kansalu kakuda kokhala kumbuyo kwa zilembozo. Chimene chimabisa chilombo kwenikweni ndi kansaluko. Kamabwera kali pa 50%, inu katsitseni kufika cha pa 20%, zilembo muzisiye zowala ndithu. Mukakachotseratu kufika pa 0%, zilembo zoyera zimasowa mukangoyang'ana ku chipale kapena ku mitambo. Yeserani pa malo owala ndi pa malo amdima musanakhutire. Timitima ndi mzere wa timabokosi sizizimiririka mu Java Edition, palibe batani lake. HUD Opacity imene mwina munaiona pa foni ya mnzanu ndi ya Bedrock Edition. Kuno chimene chilipo ndi F1, yomwe imabisa zonse kamodzi, yabwino pojambula chithunzi koma yoopsa usiku, chifukwa simuona moyo wanu ukutha.

Kusuntha nakonso n'kochepa. Attack Indicator, kachizindikiro kosonyeza kuti lupanga lakonzeka kumenyanso, mungakachotse pansi pa kamtanda n'kukaika pambali pa mzere wa timabokosi posankha Hotbar mu Video Settings. Main Hand, mu Skin Customization, ikakhala Left imapititsa kabokosi ka dzanja linalo kumanja. Kuposa apo pamafunika zowonjezera zopangidwa ndi anthu ena, nkhani ya tsiku lina.

Zonse mwasinthazi zimasungidwa mu fayilo yotchedwa `options.txt`. Pa Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `%appdata%\.minecraft`, mupeza fayiloyo mmenemo. Ubwino woidziwa ndi wakuti mungabweze zinthu zikasokonekera, kapena kutengera makonzedwe anu ku kompyuta ina. Mizere ya laputopu ija inakhala chonchi:

```
guiScale:3
chatWidth:0.5
chatOpacity:0.6
textBackgroundOpacity:0.2
attackIndicator:2
```

Manambala a mu fayilo safanana ndi a pa sikirini, ndipo izi zimasokoneza. `guiScale:0` ndiye Auto. `chatWidth` imayenda kuchokera 0.0 kufika 1.0, pomwe 0.0 ndi malo 40 ndipo 1.0 ndi malo 320, n'chifukwa chake 0.5 ikupereka 180. `chatOpacity` nayo siyambira pa ziro weniweni: 0.0 ndi 10%, kuti zilembo zisasoweretu, ndiye 0.6 mukaiona mu Chat Settings ikhala 64%. Musaganize kuti fayilo yakana.

Musanatsegule fayiloyi tsekani kaye masewerawo. Iwo amawerenga `options.txt` poyamba pokha, ndipo amailembanso mwatsopano mukasintha china mu Options, ndiye mukakonza fayilo masewera ali otsegula, zanu zija zifufutika. Chizindikiro chake n'chakuti mukatsegulanso fayiloyo mupeza manambala akale abwerera. Koperaninso fayiloyo n'kuisunga padera musanaigwire, chifukwa mmenemo mulinso mabatani onse amene munasankha. Polemba, gwiritsani ntchito kadontho, osati kamchira, pakati pa 0 ndi 5, ndipo musaike mpata pafupi ndi timadontho tiwiri tija.

Tsiku lotsatira mphwangayo anaimba foni kuti zalephereka, walemba `guiScale:3` koma zinthu zikuoneka zazing'ono ngati ali pa 2. Ndinamufunsa ngati masewerawo adzaza sikirini yonse. Anali asanadzaze. Minecraft imatseguka m'kazenera ka 854 ndi 480, ndipo 480 mukagawa ndi 3 mupeza 160, kuperewera pa 240 uja, choncho masewerawo anadzitsitsira okha pa 2. Lamulo lija limayeza zenera, osati sikirini ya makina. Atadina F11 kuti adzaze sikirini, ndinamuuza alowe mu Video Settings aone ngati 3 yabwerera pa GUI Scale, ndipo ngati sinabwerere aisankhenso ali momwemo.