Momwe mungasankhire thanki ndi pampu ya madzi pa nyumba yaing'ono ku Joni

Kuno ku Joni, kampani ya madzi ya Rand Water ikamakonza mapaipi ake, madera ena mipopi imauma masiku angapo. Musanapite kukagula thanki, yambani ndi kuwerenga anthu a m'nyumba mwanu.

Titenge banja la anthu asanu. Munthu mmodzi akamasamala, malita 100 pa tsiku amukwanira kusamba, kuphika, kuchapa ndi kugejemula chimbudzi. Nyumba yonse ndi malita 500 pa tsiku, masiku atatu malita 1,500. Komatu madzi a pansi penipeni, kunsi kwa potulukira, pampu siwakoka, ndipo kwathu mlendo sachita kulengeza. Banja lotere ine ndingaliuze kuti ligule thanki ya malita 2,500. Ya 5,000 pa anthu ochepa chonchi imangodya malo, madzi n'kumakhalitsa mpaka mankhwala a kolorini kutha mphamvu. N'chifukwa chake ndi bwino kulumikiza moti madzi a khonsolo azidutsa m'thankimo tsiku lililonse.

Kenako onani poikapo. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki imeneyi ikadzaza ndi matani awiri ndi theka. Iikeni pa konkire yosalala, yotakata kuposa thankiyo. Pa njerwa zongosanja, pansi pake pamapindika kenako n'kung'aluka. Ngati mukuchita lendi, gwirizanani kaye ndi eni nyumba.

Pampu ndiye pamene ambiri amagwira fuwa la moto. Pa katoni amalemba manambala awiri aakulu: malita ochuluka pa mphindi, ndi mamita omwe ingakankhe madzi m'mwamba, omwe ndi muyeso wa mphamvu imene madziwo amatulukira. Ziwirizi sizichitika nthawi imodzi. Kapampu ka makilowati 0.37 kolembedwa malita 35 ndi mamita 35, kakamakankha pa mamita 25 kamangopereka malita 10 kapena kuposerapo pang'ono, omwe ndi a shawa imodzi. Wina akatsegula mpopi kukhitchini, wosambayo atsala ndi thovu kumaso. Nyumba yopanda chipinda cham'mwamba, yotsegula mipopi iwiri pamodzi, imafuna malita 20 mpaka 25 pa mphindi pa mamita 25 mpaka 30, ndipo kawirikawiri ya makilowati 0.75 ndiyo imakwanitsa. Muuzeni wogulitsa akuonetseni tchati cha pampuyo, muone nokha pa mamita 30 ikupereka malita angati.

Gulani yokhala ndi kachipangizo koiyatsa mukatsegula mpopi, komanso koizimitsa thanki ikauma, chifukwa pampu yozungulira popanda madzi imapsa. Pulambala aike valavu yoletsa madzi kubwerera m'paipi ya khonsolo, ndiponso aone kuti mphamvu ya pampu isapitirire imene giza yanu imalola. Pansi pa thanki muikepo mpopi wotungira m'ndowa magetsi akazima.

Mukamva pampu ikudziyatsa yokha pakati pa usiku, aliyense ali m'tulo, ndiye kuti penapake pakudontha. Yambani ndi kutsegula chivindikiro cha kathanki ka chimbudzi, mumvetsere ngati madzi akuchucha.