Momwe mungapezere malo amene puloteni imagwira pa DNA, ndi kawerengedwe ka nsonga za ChIP-seq

DNA ya mu selo limodzi la munthu, mutaitambasula, ingatalike pafupifupi mamita awiri, ndipo ili ndi zilembo zoposa 3 biliyoni pa seti imodzi ya makoromozomu. Siikhala yokha. Imakulungidwa pa mapuloteni otchedwa mahisitoni, ndipo mapuloteni ena ambirimbiri amabwera kudzakhala pamalo akutiakuti n'kumatsegula kapena kutseka majini. DNA pamodzi ndi mapuloteni ake onsewa ndiye kromatini. Funso limene njira ya ChIP, yokoka puloteni imodzi pamodzi ndi DNA imene yaigwira, imayankha ndi limodzi lokha: puloteni iyi imene ndikuifuna, inali pati pa DNA nthawi imene ndinagwira maselo?

Titenge puloteni ya CTCF, chifukwa imagwira mwamphamvu, pamalo zikwi makumi angapo m'maselo a munthu, ndipo kandandanda ka zilembo kamene imakonda n'kodziwika. Amene akuyamba kumene ndi bwino ayambire pamenepa, chifukwa zikakanika pa CTCF vuto limakhala m'manja mwanu kapena mu antibode, chogwirira chimene chimazindikira puloteni imene mukuifuna, osati mu puloteniyo.

Kumanga, kudula ndi kukoka

Yambani ndi maselo pafupifupi 10 miliyoni. Athireni fomalidehayidi mpaka afike peresenti imodzi, muwasiye mphindi 10 pa kutentha kwa m'chipinda. Mankhwalawa amamata puloteni pa DNA imene yakhudzana nayo, komanso amamata puloteni ndi puloteni inzake yoyandikana. Mfundo yachiwiriyi muisunge, tidzaifuna kutsogoloku. Mphindi zikakwana thirani gilayisini wokwana mamilimola 125 kuti kumatako kuleke, kenako tsukani maselo ndi madzi amchere ozizira. Mukapitirira nthawi, kromatini imauma gwa, imakana kuduka, ndipo malo amene antibode imayenera kugwira amabisika.

Phwanyani maselo, kenako dulani kromatini ndi makina a sonikesheni, amene amaigwedeza ndi mafunde a phokoso. Cholinga ndi tizidutswa ta zilembo 200 mpaka 500. Makinawa amatenthetsa, choncho amayatsidwa masekondi 30 n'kupumitsidwa masekondi 30, chubu chili m'madzi ozizira. Musangokhulupirira nthawi yolembedwa pa pepala la labu ina. Tengani pang'ono, masulani DNA, muiyendetse pa jelo ya agarozi muone nokha kutalika kwake. Tizidutswa tikakhala titalitali, nsonga zanu, milu ya tizidutswa imene tidzaione kutsogoloku, zidzakhala zotambalala ndipo simudzadziwa penipeni pamene puloteni inakhala.

Musanathire antibode, patulani gawo limodzi mwa magawo 100 a kromatini yodulidwayo muliike padera. Imeneyi ndi inputi, DNA imene yadutsa zonse kupatula kukokedwa. Ambiri amaiona ngati yotsalira, koma popanda iyo zotsatira zonse zilibe poziyezera.

Ku yotsalayo thirani antibode ya CTCF, mamayikulogalamu awiri mpaka asanu, muisiye ikuzungulira usiku wonse pa madigiri 4. Mawa lake onjezani timikanda ta maginito tokutidwa ndi puloteni A kapena G, timene timagwira antibode. Maginito akakoka timikandato, timabwera ndi antibode, CTCF ndi kadutswa ka DNA kamene kanamatidwa nayo. Tsukani kangapo, kuyambira ndi mchere wochepa wa mamilimola 150, kenako wambiri wa mamilimola 500, kenako wa lifiyamu, kuti zongokakamira zichoke. Pomaliza tenthetsani pa madigiri 65 kwa maola angapo kapena usiku wonse kuti zomatira zimasuke, gayani RNA ndi mapuloteni ndi maenzayimu ake, muyeretse DNA. Inputi nayo idutse njira yomweyi. Chimene mutatsale nacho n'chochepa kwambiri, kawirikawiri mananogalamu owerengeka, moti ndi maso simuona kanthu m'chubu.

Yesani kaye musanalipire zowerengetsa

Kuwerengetsa DNA pa makina n'kodula, ndiye yambani ndi qPCR, njira yochulukitsa DNA n'kuyeza kuchuluka kwake, pa malo awiri: amodzi amene mukudziwa kuti CTCF imagwira, monga chigawo cholamulira majini a H19 ndi IGF2 pa koromozomu 11, ndi ena opanda majini kumene simukuyembekeza kanthu.

Tiyerekeze kuti inputi yanu yapereka Ct ya 25.0 pa malo onse awiri. Ct ndi chiwerengero cha maulendo amene DNA yachulukitsidwa kawiri kufikira makina ataiona, choncho Ct ikachepa ndiye kuti DNA inali yambiri. Poti ndi gawo limodzi mwa 100, chotsanipo 6.64, imene ndi log2 ya 100, kuti iimire kromatini yonse, mupeza 18.36. DNA yokokedwa yapereka 24.4 pa H19 ndi 29.4 pa malo opanda kanthu aja.

```
% input = 100 × 2^(18.36 − Ct)
H19:    100 × 2^(−6.04)  = 1.5
wina:   100 × 2^(−11.04) = 0.047
```

Kusiyana kwa Ct kwa 5 kukutanthauza kuti H19 yachuluka maulendo 32 kuposa malo enawo. Apa pitirizani. Zikanakhala kuti manambala awiriwa ndi oyandikana, ndalama zanu sungani, bwererani mukaone antibode ndi kadulidwe.

Kuchokera ku tizidutswa kufika pa nsonga

Njira yophatikiza ChIP ndi makina owerenga tizidutswa mamiliyoni nthawi imodzi, yotchedwa ChIP-seq, inaonekera mu 2007, m'kafukufuku wa mapuloteni a NRSF ndi STAT1 komanso wa zizindikiro za pa mahisitoni. Masiku ano gulu la ofufuza za DNA lotchedwa ENCODE limafuna tizidutswa togwiritsika ntchito 20 miliyoni pa chiyeso chilichonse cha puloteni ngati CTCF, ndi ziyeso ziwiri zochokera ku maselo olimidwa padera. Makina akakupatsani mafayilo, ikani kadutswa kalikonse pamalo pake pa jinomu, imene ndi DNA yonse ya munthu, kenako funani nsonga:

```
bowtie2 -x hg38 -U ctcf.fastq.gz | samtools sort -o ctcf.bam
samtools index ctcf.bam
macs2 callpeak -t ctcf.bam -c input.bam -f BAM -g hs -n ctcf -q 0.05
```

Inputi nayo muiike pa jinomu ndi lamulo loyambalo. Nsonga ndi malo pamene tizidutswa taunjikana kuposa mmene zikanakhalira mwangozi. MACS2 imawerenga mulu wa pamalopo n'kuuyerekeza ndi kuchuluka kwa inputi pa zilembo 1,000 ndi 10,000 zozungulira, komanso pa jinomu yonse, ndipo imatenga chachikulu mwa zimenezi ngati muyeso. Izi zili chonchi chifukwa DNA siduka mofanana. Kromatini yotseguka imaduka msanga, ndipo maselo a khansa amakhala ndi makope owonjezera a zigawo zina, choncho mulu ukhoza kukhalapo popanda puloteni n'komwe.

Nsonga yeniyeni ili ndi maonekedwe ake. Makina akawerenga mbali imodzi yokha ya kadutswa, amayambira kumapeto kulowa mkati, ndipo puloteni inali chapakati. Chifukwa chake zowerengedwa za chingwe chimodzi cha DNA zimaunjikana kumanzere, za chingwe chinacho kumanja, ndipo mpata wa pakati pa milu iwiriyi umayandikira kutalika kwa tizidutswa tanu. Tsegulani fayilo ya BAM mu pulogalamu yoonera jinomu ya IGV, musiyanitse zingwe ziwirizo ndi mitundu, muone. Mukapeza mulu woongoka ngati khoma, zonse zikuyambira pa chilembo chimodzi, amenewo ndi makope a PCR a kadutswa kamodzi, osati umboni wa CTCF.

Mu fayilo ya `ctcf_peaks.narrowPeak` mzere uliwonse ndi nsonga imodzi. Nachi chitsanzo chongopeka kuti tiwerengere limodzi:

```
chr5  1000200  1000520  ctcf_peak_812  841  .  24.6  87.4  84.1  158
```

Nsongayi ndi yotambalala zilembo 320. Nambala ya 24.6 ikunena kuti tizidutswa tachuluka maulendo amenewo poyerekeza ndi muyeso wa inputi. Ya 84.1 ndi `-log10(q)`, ndipo ikakula ndiye kuti mwayi woti muluwo ndi wangozi wachepa. Yomaliza, 158, muiphatikize ndi poyambira, mupeza 1000358, pamene mulu watalika kwambiri. Tengani zilembo 50 mbali iliyonse ya malo amenewa pa nsonga 500 kapena 1,000 zamphamvu, muzipereke ku MEME kapena HOMER, mapulogalamu ofufuza kandandanda ka zilembo kobwerezabwereza. Kandandanda ka CTCF, ka zilembo pafupifupi 19 zochuluka ma C ndi ma G, kayenera kutuluka poyamba, ndipo kakhale pakatikati pa nsonga. Kakapanda kutuluka, antibode yanu inakoka china.

Pali zoyesera ziwiri zina zachangu. Chotsani nsonga zonse zogwera pa mndandanda wa ENCODE wa malo oipa, amene ambiri ndi a DNA yobwerezabwereza monga pafupi ndi masentiromiya, chifukwa amatulutsa milu pa chiyeso chilichonse. Kenako werengani gawo la tizidutswa tonse timene tagwera m'nsonga, chimene pa malipoti chimalembedwa FRiP. Pansi pa peresenti imodzi ndi chizindikiro choipa, ndipo CTCF yokokedwa bwino imapitirira pamenepo kutali.

Zimene nsonga siinganene

Apa ndi pamene ineyo ndimaona kuti anthu amathamanga. Kumbukirani kuti fomalidehayidi imamatanso puloteni ndi inzake. Mukachita ChIP ya RAD21, chiwalo cha gulu la mapuloteni lotchedwa kohesini, nsonga zake zambiri zigwera pa malo omwewo a CTCF, ndipo MEME ikupatsani kandandanda ka CTCF. Wosadziwa anganene kuti RAD21 imawerenga zilembo zimenezo. Siiwerenga. Kohesini imayenda pa kromatini n'kukaima pamene pali CTCF, ndipo kafukufuku wa mu 2008 anaonetsa kuti CTCF ikachepetsedwa, kohesini imachepa pa malowo. Nsonga imanena kuti puloteni inali pafupi ndi DNA imeneyo. Kuti inaigwira yokha, pamafunika chiyeso china, monga kusakaniza puloteni yoyera ndi DNA m'chubu, kapena kusintha zilembo za kandandandako n'kuona ngati nsonga yazimiririka.

Nthawi zina ngakhale kukhala pafupi kumeneko n'kokayikitsa. Mu 2013 ofufuza anaika GFP, puloteni yochokera ku kanyama ka m'nyanja imene ilibe ntchito iliyonse pa DNA, m'phata la maselo a yisiti, ndipo ChIP inaonetsa nsonga pa majini amene amawerengedwa kwambiri. Choncho nsonga yopanda kandandanda, yokhala poyambira jini yotanganidwa, muziitenga mosamala. Njira yotsimikiza ndiyo kubwereza chiyeso m'maselo amene puloteniyo yachotsedwa. Nsonga zotsala pamenepo si zake.

Kutalika kwa nsonga nakonso ndi kwa maselo mamiliyoni ophatikizidwa. Nsonga yapakatikati ikhoza kutanthauza kuti puloteni imagwira mofooka m'maselo onse, kapena mwamphamvu m'maselo ochepa, ndipo ChIP-seq siingasiyanitse ziwirizi. Musayerekezenso kutalika kwa nsonga za maantibode awiri osiyana, chifukwa iliyonse imakoka ndi mphamvu yake.

Mapulogalamu amakonda kulemba dzina la jini yoyandikira pambali pa nsonga iliyonse, koma kuyandikana pa mzere sikutanthauza kulamulira. Kromatini imapindika, ndipo chigawo chimene chimayatsa jini ya SHH m'miyendo ndi m'manja mwa mwana wosabadwa chili pa mtunda wa zilembo pafupifupi miliyoni imodzi, mkati mwa jini ina yotchedwa LMBR1. Mukafuna kunena kuti nsonga yakuti imalamulira jini yakuti, dulani malowo ndi CRISPR, njira yodula DNA pamalo osankhidwa, kapena chotsani puloteniyo, kenako yezani RNA ya jiniyo muone ngati yasintha.