Ma RAM awiri mu mipata yoyandikana

Kompyuta ya mlongo wanga inkachedwabe pokonza mavidiyo ngakhale tinaiikira ma RAM awiri a 8 GB. Onse 16 GB ankaoneka, koma mu CPU-Z, pulogalamu yoonetsa zida zimene zili m'kompyuta, pa tsamba la Memory, pamalo pa Channel panalembedwa Single, kutanthauza kuti ma RAM onse awiri ankagwiritsa ntchito njira imodzi yokha yolumikizirana ndi purosesa.

Nditatsegula, ndinapeza kuti wogulitsa anawalowetsa moyandikana, mu mipata ya A1 ndi A2. Apa ndiye panali vuto. Pa bolodi ya mipata inayi, iwiri yoyandikira purosesa imagawana njira imodzi, ya A, ndipo iwiri inayo ndi ya B. Njira iliyonse ya ma RAM a mtundu wa DDR4 imanyamula mabiti 64 nthawi imodzi, choncho ma RAM onse akakhala pa A amalandirana njira yomweyo, ya B ili chabe.

Ndinazimitsa, n'kuchotsa chingwe cha magetsi, n'kuwasamutsira mu A2 ndi B2, mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa, monga kabuku ka bolodiyo kamanenera. Pa mabolodi ambiri mipata imeneyi ili kumapeto kwa mawaya, ndipo mpata wakumapeto ukasiyidwa wopanda kanthu siginolo imabwerera n'kusokoneza pa liwiro lalikulu. Ndinakanikiza mpaka timaloko tinalira kuti "tche". Nditayatsa, CPU-Z inalemba Dual, kutanthauza kuti njira zonse ziwiri zinkagwira ntchito.