Mmene ndinayankhira funso la masamu lomwe chithunzi chake chinadulidwa

Mwana wa mchemwali wanga ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha pepala lakale la mayeso a masamu, ndipo pansi pake anangolemba kuti, "Amalume, yankhani ili." Vuto linali lakuti mbali yakumanja ya tsambalo sinajambulidwe, moti funso lofuna kukula kwa bwalo lozungulira linathera pa nambala 14, popanda mawu osonyeza ngati nambalayo ikuimira mtunda wochoka pakati kufika m'mphepete, kapena wodutsa bwalo lonse.

Sindinafune kungoganizira, chifukwa njira yoyamba imapereka masikweya mita 616 pomwe yachiwiri imapereka 154, tikagwiritsa ntchito 22/7. Ndinawerenga funso lotsatira, lomwe linkaoneka lonse, ndipo linkanena kuti waya wozungulira bwalo lomwelo ndi wotalika mamita 44. Popeza 22/7 kuchulukitsa ndi 14 ndi 44, zinaonekeratu kuti 14 ndi mtunda wodutsa bwalo lonse.

Ndinamulembera yankho la 154, n'kumufotokozera pomwe ndinalitenga, komanso ndinamuuza kuti ajambulenso tsambalo ataliyala patebulo, ngodya zonse zinayi zikuoneka.