Galu akutsokomola: momwe mungawerengere ekisire kuti musiyanitse vuto la mtima ndi chibayo

Madzi odzadza m'mapapo chifukwa cha kulephera kwa mtima komanso chibayo, zonse zimaoneka zoyera pa ekisire. Chimene chingakuthandizeni kuzisiyanitsa ndi malo amene kuyerako kuli, ndiponso ngati mtima ukuvomereza mlanduwo.

Yambani ndi chithunzi chabwino. Jambulani galu akukoka mpweya, chifukwa akamautulutsa mapapo amafota n'kuoneka ngati odwala. Mugonekeni chakumanja, kenako chakumanzere, pomaliza chafufumimba. Wobanika musamugoneke chagada, ndipo ayambe walandira okosijeni.

Kenako yezani mtima pa chithunzi cha m'mbali. Lembani mzere kuchokera pamene njira ya mpweya imagawikana pawiri kukafika kunsonga ya mtima, wina wopingasa pamene mtima watambasuka kwambiri. Mzere uliwonse muuyale pamsana kuyambira pa fupa lachinayi la msana wa pachifuwa, T4, muwerenge mafupa amene wakwirira, muphatikize. Imeneyi ndiyo VHS, muyeso wa kukula kwa mtima poyerekeza ndi mafupa a msana. Agalu ambiri athanzi amakhala cha pa 9.7, ndipo ikapitirira 10.5 mtima ndi wokayikitsa, ngakhale mitundu ina mtima wawo ndi waukulu chibadwire.

Tiyerekeze kagalu ka zaka 11 ka makilogalamu 6, kamene kakupuma koposa ka 40 pa mphindi kali m'tulo. Mizere yapereka 6.3 ndi 5.4, pamodzi 11.7. Chipinda chakumtunda chakumanzere kwa mtima chatupa mpaka kukankhira njira ya mpweya kumsana. Mitsempha yobweretsa magazi kumtima kuchokera m'mapapo yanenepa kuposa inzake yopititsa magazi kumapapo, pamene bwenzi ikufanana. Kuyera kwayambira pamwamba pa mtima n'kufalikira kumbuyo chakumsana, kopanda malire enieni. Apa mtima ndiwo walephera.

Chibayo cha mabakiteriya, makamaka chobwera galu akakokera masanzi m'mapapo, chimakonda kutsogolo ndi kumunsi, chifukwa zolowazo zimatsetserekera komweko. Gawo lapakati la phapo lakumanja ndilo limagwidwa kawirikawiri, ndipo limabisala pa mthunzi wa mtima. Limaoneka bwino galu atagonera kumanzere, popeza phapo lapamwamba ndilo limadzadza mpweya. Mudzaona chigamba choyera chothera mwadzidzidzi m'malire a gawolo, chokhala ndi timizere takuda ngati nthambi, mtima ndi mitsempha zili bwinobwino. Timizereto patokha si umboni wa chibayo ayi, madzi a mtima akachuluka timaonekanso.

Msampha waukulu ndi galu wokalamba wa mtima waukulu koma mapapo ake ali bwino. Ameneyu akhoza kumatsokomola chifukwa cha matenda a njira za mpweya, ndipo mankhwala okodzetsa sangathetse chifuwacho. Agalu akuluakulu ngati Dobimani nawonso amasokoneza, madzi awo amatha kumwazikana paliponse.

Zikakanika kusiyanitsa, dokotala wa ziweto angabaye mankhwala okodzetsa a fulosemaidi, mamiligalamu 2 pa kilogalamu, kutanthauza 12 kwa kagalu kaja, n'kujambulanso mawa lake. Madzi a mtima amakhala atachepa ndipo kupuma kumatsika, pamene chibayo chimakhala chili pompo. Koma galu wotentha thupi ndi wouma madzi musamuyese motero, mungamuwonongere impso.