Akakuuzani kuti "ndi lamulo la kampani", funsani ndime yake

Achibale amene muli kunja kuno, mawu akuti "ndi lamulo la kampani" atidyera ndalama zambiri. Munthu wa pa kauntala amawatchula podziwa kuti mlendo akamva zoti lamulo amazizira nkhongono, n'kupepesa, n'kutuluka. Musatuluke. Funsani modekha kuti: "Ndamva bwana. Lamulolo lili m'chikalata chiti, ndime yachingati? Ndionetseni ndiwerenge."

Dziwani kuti malamulo sali pa msinkhu umodzi. Pamwamba pali lamulo la dziko limene mukukhalalo. Pansi pake pali mgwirizano umene munasaina. Pansi penipeni ndiye pali ndondomeko za mkati mwa kampani, zimene mwina simunazionepo n'komwe. Kawirikawiri ndondomeko yotere singakulandeni chimene mgwirizano wanu ukukupatsani, pokhapokha ngati mgwirizanowo ukunena kuti ndondomekoyo ndi mbali yake. Mukafunsa ndime, mukufuna kudziwa kuti kukanako kwatsamira pa chiti mwa zitatuzi.

Ine zinandionekera ndi ejenti wa nyumba. Ndinalemba kalata yoti ndituluka, kutatsala mwezi wathunthu monga mgwirizano umanenera, ndinakolopa nyumba, makiyi n'kubweza. Pofunsa dipoziti yanga, mayi wa mu ofesi anati wotuluka chaka chisanathe sabwezeredwa kalikonse, ndi lamulo la kampani. Anayankhula maso ali pa foni, ngati ndabwera kudzapempha chithandizo. Nditafunsa ndime, anati zili mu kompyuta. Nditati atembenuze kompyutayo ndione, anati ndi zachinsinsi. Zachinsinsi bwanji pamene ndalama yake ndi yanga? Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Ndinalemba imelo ya mizere itatu: tsiku limene anandikaniza, mawu amene ananena, ndi pempho loti anditumizire dzina la chikalata, nambala ya ndime ndi tsiku limene lamulolo linayamba kugwira ntchito. Yankho linabwera kuchokera kwa manijala, akuloza ndime 14.2 ya mgwirizano. Nditaiwerenga, inkanena za munthu wotuluka osapereka chidziwitso. Ine kalata yanga anailandira, chidindo chawo chili pomwepo. Ndinawatumizira chithunzi chake. Apo nyimbo inasintha: akuti achotsa ndalama ya penti. Ndinafunsanso funso lomwe lija. Ndime ya zowonongeka inkalola kuchotsa pa zimene wobwereka nyumba wawononga, osati kutha kwa zinthu kobwera ndi nthawi, ndipo inkati aonetse malisiti. Lisiti imene anali nayo inali ya loko wa chitseko cha kubafa basi. Ya lokoyo anachotsa, yotsalayo anabweza, koma kupepesa ayi.

Tsono akakupatsani ndimeyo, musangoona nambala n'kugonja. Werengani yonse, ndi yapamwamba pake ndi yapansi pake. Onani ngati ikunena za munthu wa vuto ngati lanu. Onani ngati ikuti kampani "ikhoza" kukana kapena "iyenera" kukana, chifukwa pamene pali "ikhoza", wina mu ofesimo ali ndi mphamvu yovomera, ndipo ameneyo ndiye mumufune. Fufuzani mawu akuti "kupatula", poti mpata wanu nthawi zambiri umabisala pamenepo. Tsiku nalo musaliphonye. Akakupatsani chikalata chatsopano pamene inu munasaina chakale, afunseni ndime imene ikuwalola kusintha, ndi tsiku limene anakudziwitsani.

Za pafoni musazidalire, mawa adzakana kuti sananene. Akakuimbirani, lembani uthenga tsiku lomwelo wobwereza zimene mwakambirana. Musakalipe, chonde. Mukakweza mawu nkhani imachoka pa ndime n'kukhala ya khalidwe lanu, mlonda n'kukutulutsani. Ndipo pepala lililonse lonena kuti mwalandira zonse ndipo nkhani yatha musasaine ndalama zisanakwane, ngakhale akuuzeni kuti ndi mwambo chabe. Anzathu ena mumasaina chilichonse bola mutuluke msanga, kenako n'kumadandaula m'magulu. Zimenezo zisiyeni.

Funsoli si mankhwala a chilichonse. Nthawi zina ndime imakhalapodi, yomveka bwino, siginecha yanu ili m'munsi. Zikatero chatsala n'kufufuza ngati ndimeyo ikusemphana ndi lamulo la dziko, ndipo ofesi ya boma yoona madandaulo a ogula, a antchito kapena a obwereka nyumba ingakuuzeni. Banki ikakana kutsegula akaunti chifukwa chiphaso chanu chinatha, kumbuyo kwake kumakhala lamulo la boma lokakamiza mabanki kutsimikizira makasitomala awo, ndiye kulimbana ndi wa pa kauntala n'kutaya nthawi. Ngati mapepala anu okhalira m'dzikomo sali bwino, yambani mwaonana ndi bungwe lothandiza alendo pa zamalamulo musanakasume kulikonse, ndipo mutenge mgwirizano, mauthenga onse ndi yankho lawo lolembedwa.